Mmene mungakonzere kalata ya Chisipanishi yomasuliridwa ndi makina

Makina omasulira monga Google Translate ndi DeepL amatulutsa Chisipanishi chosalala ndithu, ndipo munthu amene sachidziwa bwino chinenerochi akhoza kuwerenga kalata yonse osaona pomwe palakwika. Zolakwa zambiri zimakhala pamalo amene Chisipanishi chimafuna kudziwa zinthu zimene Chingerezi sichinena. Mawu a Chingerezi oti “you” sasonyeza ngati mukulankhula ndi mnzanu kapena munthu wamkulu, mawu oti “doctor” sasonyeza ngati dokotalayo ndi bambo kapena mayi, ndipo mawu ena ali ndi matanthauzo awiri amene Chisipanishi chimawalemba ndi mawu osiyana. Makina akafika pamalo otere saima n’kufunsa, amangosankha chimene chimapezeka kawirikawiri m’zolemba zimene anaphunzirapo. Choncho ntchito ya wokonza ndi kupeza malo onse amene makinawo anachita kulota, ndipo ntchitoyi imayenda bwino ikatsatira dongosolo.

Tigwiritsa ntchito kalata imodzi. Mayi wina amene akuyendetsa maphunziro a anamwino akuitana dokotala wamkazi wa ku Mexico, yemwe sanakumanepo naye, ndipo mkulu wa anamwino pachipatalapo ndi mwamuna. Kalata ya m’Chingerezi ikuti:

“Dear Doctor, I am delighted to invite you to our nursing workshop. You will meet the new head nurse. He will pick you up at the airport. Accommodation is free and from the hotel you can take the bus to the hospital. Please sign the attached letter and send it before Friday. If you need the minutes of the last meeting, ask me.”

M’munsimu ndasonkhanitsa mwadala zolakwa zamtundu umene makina amachita. Makina amakono sangazichite zonse m’kalata imodzi yaifupi chonchi, koma chilichonse mwa izo chimapezeka, makamaka m’zolemba zazitali.

“Querido doctor, Estoy encantado de invitarte a nuestro taller de enfermería. Conocerás a la nueva enfermera jefe. Él te recogerá en el aeropuerto. El alojamiento es libre y desde el hotel puedes coger el autobús al hospital. Por favor, firme la carta adjunta y envíelo antes del viernes. Si necesita los minutos de la última reunión, pregúntame.”

Choyamba: lembani zimene makina sakuzidziwa

Musanawerenge Chisipanishicho, tengani pepala ndipo mulembepo munthu aliyense wotchulidwa m’kalatamo, pamodzi ndi kunena ngati ali mwamuna kapena mkazi. Wolemba ndi wolandira kalata musawaiwale, chifukwa iwo ndi amene amabisala kuseri kwa mawu oti “I” ndi “you”. Lembaninso dziko la wowerenga komanso ubale wa anthu awiriwo. M’chitsanzo chathu, wolemba ndi mkazi, wolandira ndi mkazi, mkulu wa anamwino ndi mwamuna, dziko ndi Mexico, ndipo awiriwa sadziwana. Ngati pali munthu amene simukudziwa kuti ndi bambo kapena mayi, funsani mwini kalatayo, popeza dzina lokha limasocheretsa: ku Mexico dzina loti Guadalupe limapatsidwa kwa akazi ndi amuna omwe.

Kenako konzani motsatira ndondomeko iyi: mawu a matanthauzo awiri poyamba, ulemu pakati, za chimuna ndi chikazi pomaliza. Ambiri amayambira pa chimuna ndi chikazi chifukwa ndi zimene zimaoneka msanga, koma ine ndimaona kuti kutero n’kudzigwiritsa ntchito kawiri. Mukasintha dzina, mawu onse ogwirizana nalo amasintha, ndipo mukasintha ulemu, alowam’malo amasinthanso.

Chachiwiri: mawu a matanthauzo awiri

Apa yambirani pa Chingerezi, osati pa Chisipanishi. Werengani chiganizo chilichonse ndipo mudule mzere kunsi kwa mawu aafupi, odziwika kwambiri, amene mukudziwa kuti amanena zinthu zingapo. M’kalata yathu muli anayi: “free”, “minutes”, “ask” ndi “take”.

Mawu oti “free” amagawika pawiri. Libre amanena za chinthu chomasuka kapena chopanda munthu, monga mpando umene palibe wakhalapo, pamene gratis kapena gratuito amanena za chinthu chosalipiritsa. Wolemba akufuna kunena kuti dokotalayo salipira malo ogona, choncho chiganizocho chiyenera kukhala El alojamiento es gratuito. Koma musathamangire kufufuta libre paliponse, chifukwa pazikwangwani za zochitika mawu oti entrada libre ndi Chisipanishi chabwino, chotanthauza kuti aliyense akhoza kulowa.

Cholakwa cha los minutos n’chachikulu kuposa pamenepo, chifukwa minutos ndi mphindi za pawotchi basi. Zolemba za zimene zinakambidwa pamsonkhano ndi el acta, ndipo ku Mexico mudzamvanso la minuta. Dokotala akawerenga zoti akhoza kupempha mphindi za msonkhano wapitawo, mwina akhoza kulota tanthauzo ngati amadziwa Chingerezi, koma ngati sachidziwa angosokonezeka.

Mneni woti “ask” amafuna kuti mudzifunse ngati munthuyo akufuna yankho kapena akufuna chinthu. Ife amene timalankhula Chichewa sitingavutike apa, popeza nafenso timasiyanitsa kufunsa ndi kupempha: preguntar ndi kufunsa, pedir ndi kupempha. Dokotalayo akupempha pepala, choncho mneni woyenera ndi pedir. Kugawika kotereku kumapezekanso pa “know”, pomwe saber ndi kudziwa nkhani kapena luso ndipo conocer ndi kudziwa munthu kapena malo, komanso pa “time”, pomwe hora ndi nthawi ya pawotchi, vez ndi maulendo amene chinthu chachitika, ndipo tiempo ndi kutalika kwa nthawi.

Mawu achinayi, “take”, amasuliridwa kuti coger, mneni amene ndi wolondola ku Spain, kumene anthu amati coger el autobús tsiku lililonse popanda wina kudabwa. Ku Mexico, ku Argentina ndi kumaiko ena a ku Latin America mneni yemweyu ndi mawu otukwana onena za kugonana, ndipo m’kalata yopita kwa dokotala wamkazi amene simunakumanepo naye akhoza kuchititsa manyazi aakulu. Lembani tomar el autobús, zimene zimamveka bwino kulikonse. Ichi ndi chifukwa chake dziko la wowerenga linayenera kukhala papepala lija.

Pofuna kutsimikiza, musafufuze m’mtanthauziramawu wa zinenero ziwiri, chifukwa iye amangondandalika mawu onse osakuuzani loti musankhe. Tsegulani mtanthauziramawu wa Chisipanishi chokhachokha wa bungwe la Real Academia Española pa dle.rae.es, lembani mawu amene makina asankha, ndipo muone ngati tanthauzo limene mukufuna lili pamndandandawo. Mukalemba minuto simupeza chilichonse chokhudza zolemba za msonkhano, ndipo mukalemba coger mupeza tanthauzo lina lili ndi chizindikiro cha vulg. pamodzi ndi zidule za maiko amene mawuwo ali otukwana.

Chachitatu: ulemu

Chisipanishi chili ndi tú, amene amafanana ndi iwe, komanso usted, amene amafanana ndi inu waulemu. Malire ake sali chimodzimodzi ndi athu, popeza ku Spain anthu ogwira ntchito limodzi amaitanana tú mosavuta ngakhale atasiyana zaka, koma pakalata yoyamba yopita kwa dokotala wa ku Mexico palibe chokayikitsa: ndi usted kuyambira pamwamba mpaka pansi. Vuto la makina ndi lakuti nthawi zambiri amaona chiganizo chilichonse pachokha, choncho chiganizo chomveka mwaubwenzi amachipatsa tú, ndipo chomveka ngati cha muofesi amachipatsa usted. Kalata yathu yayamba ndi iwe, yafika pa inu pamene ikupempha siginecha, kenako yabwerera kwa iwe pamawu omaliza enieni.

Chovuta n’chakuti mawu oti tú kapena usted kawirikawiri salembedwa n’komwe, chifukwa Chisipanishi chimasonyeza munthu kumapeto kwa mneni. Choncho muyenera kusaka zizindikiro zake. Gwiritsani ntchito Ctrl+F ndipo mufufuze te, ti, tu, tus ndi contigo, mukukumbukira kuti te amamatiranso kumapeto kwa mneni monga mu invitarte. Mukatha apo, yang’anani aneni onse onena za wowerenga. Amene akuthera ndi s, monga conocerás ndi puedes, ndi a tú, ndipo a usted ndi conocerá ndi puede. Pa zinthu zimene zinachitika kale, a tú amathera ndi ste, monga enviaste, pamene wa usted ndi envió.

Aneni olamula ndi amene amapusitsa anthu ambiri, ndipo ndi bwino kuwadekhera. Aneni a Chisipanishi ali m’magulu atatu potengera mathero awo: ar, er ndi ir. Pagulu la ar, kulamula munthu wa tú kumathera ndi a, ndipo kulamula wa usted kumathera ndi e: firma ndi “saina”, firme ndi “sainani”, envía ndi “tumiza”, envíe ndi “tumizani”. Pamagulu a er ndi ir zinthu zimatembenuka, moti escribe ndi “lemba” pamene escriba ndi “lembani”, pide ndi “pempha” pamene pida ndi “pemphani”. Izi zikutanthauza kuti simungangoona chilembo chomaliza n’kugamula, muyenera kudziwa kaye gulu la mneniyo. M’kalata yathu pregúntame ndi wa tú, ndipo wa usted akanakhala pregúnteme, kusiyana kwa chilembo chimodzi pakati pa mawu. Popeza tasankha kale pedir, tiyambira pa pida.

Ulemu suthera pa aneni. Querido ndi malonje a anthu okondana kapena odziwana bwino, ndipo kalata ya ntchito imayamba ndi Estimado kapena Estimada. Pambuyo pa malonjewo Chisipanishi chimaika madontho awiri, osati mpatuliro ngati Chingerezi, ndipo chiganizo choyamba chimayambira pamzere wina. Potseka, Atentamente amakwanira. Komanso Por favor, firme si cholakwa, koma Le ruego que firme amamveka mofatsa kwambiri kwa munthu amene mukumupempha kuti ayende ulendo wautali.

Pa anthu ambiri pali chinthu chimodzi choyenera kusamala. Vosotros, pamodzi ndi aneni ake monga podéis ndi tenéis, amagwiritsidwa ntchito ku Spain, koma ku Latin America anthu amati ustedes kwa gulu lililonse, kaya ndi la ana kapena la akuluakulu. Mukaona aneni othera ndi áis kapena éis m’zolemba zopita ku Mexico, asintheni. Ku Argentina ndi ku Uruguay mudzakumananso ndi vos m’malo mwa tú, monga vos podés, koma m’kalata yaulemu kumenekonso ndi usted. DeepL ili ndi posankhira pakati pa chilankhulo chaulemu ndi chaubwenzi kwa amene amalipira, ndipo posankhirapo pamachepetsa ntchito, ngakhale kuti kuwerenga mneni aliyense kumafunikabe.

Kusamukira ku usted kumabweretsa vuto lake latsopano. Mneni wa usted amafanana ndendende ndi mneni wa munthu wachitatu, moti conocerá akhoza kutanthauza “mudzakumana naye” kapena “iye adzakumana naye”, ndipo su akhoza kukhala “wanu”, “wake” kapena “wawo”. Pamene chiganizo chili ndi anthu awiri, lembani mlowam’malo poyera kuti wowerenga asasochere. N’chifukwa chake tisunga Él pachiganizo cha kubwalo la ndege, ndipo tilemba Él pasará por usted al aeropuerto, monga amanenera ku Mexico.

Chachinayi: chimuna ndi chikazi

Dzina lililonse la Chisipanishi ndi lachimuna kapena lachikazi, ngakhale la chinthu chopanda moyo, ndipo mawu oyenda nalo amayenera kugwirizana nalo, monga mmene timanenera “chipewa chachikulu” koma “mpando waukulu”. Pa maina a zinthu makina salakwitsa kwambiri, chifukwa carta ndi dzina lachikazi nthawi zonse. Amalakwitsa pa anthu, ndipo amalakwitsa motsatira chizolowezi cha zolemba zimene anaphunzira: dokotala amamuyesa mwamuna, namwino amamuyesa mkazi, ndipo munthu amene akuti “I” amamuyesa mwamuna. Kampani ya Google inayamba mu 2018 kuonetsa matanthauzo onse awiri, lachimuna ndi lachikazi, pa mawu amodzi ochokera ku Chingerezi, ndipo mu 2020 inafikitsa zimenezi pa ziganizo zopita ku Chisipanishi. Izi zimathandiza mukamasulira kachidutswa kakafupi, koma kalata yathunthu muyenera kuiyendera nokha.

Tengani pepala lija ndipo mutsatire munthu mmodzi kuyambira pamwamba mpaka pansi, kenako muyambirenso ndi wina. Wolandira kalata ndi mkazi, choncho malonje akhale Estimada doctora. Pamene panali invitarte, tsopano pafunika kusankha pakati pa invitarlo ndi invitarla, chifukwa te sasiyanitsa mwamuna ndi mkazi koma alowam’malo a usted amasiyanitsa. Apa ndi pamene dongosolo lathu likuonetsa phindu: mukanayamba ndi chimuna ndi chikazi, mawu amenewa mukanawadumpha popeza panthawiyo analibe vuto. Ku Spain mudzaona invitarle m’makalata ambiri aulemu, ndipo n’zololedwa, koma kwa mayi wa ku Mexico invitarla ndi woyenera.

Wolemba nayenso ndi mkazi, choncho encantado ayenera kukhala encantada. Afotokozi otsatira estoy kapena soy, monga cansado, agradecido, interesado ndi seguro, ndi malo amene cholakwachi chimakonda kubisala. Ngati kalatayo idzasainidwa ndi anthu osiyanasiyana, ndi bwino kuzemba vutoli polemba Me complace invitarla, mawu amene sasonyeza ngati wolemba ndi bambo kapena mayi. Njira yomweyi imathandiza pamauthenga opita kwa anthu osadziwika: m’malo mwa Bienvenido mukhoza kulemba Le damos la bienvenida.

Mkulu wa anamwino wasanduka mkazi m’chiganizo chachiwiri, la nueva enfermera jefe, kenako wabwerera kukhala mwamuna m’chiganizo chachitatu, Él. Wowerenga aganiza kuti ndi anthu awiri, kapena adzifunsa kuti mwamuna amene akubwera kudzamutengayo ndi ndani. Kusagwirizana kotereku pakati pa ziganizo zoyandikana ndi chizindikiro chodalirika chakuti makina analota, popeza mawu osonyeza kuti munthuyo ndi mwamuna anali kutsidya kwa mpumiro. Lembani al nuevo jefe de enfermería, ndipo onani kuti a ndi el zalumikizana kukhala al.

Mukatha anthu, yenderani alowam’malo a zinthu, makamaka lo ndi la omatira kumapeto kwa aneni. Mu envíelo, lo akuloza chinthu chachimuna, koma chotumizidwacho ndi la carta, choncho pafunika la. Chomaliza ndi el acta, chimene chimakola ngakhale anthu odziwa. Dzinali ndi lachikazi, koma limatsogoleredwa ndi el chifukwa limayamba ndi a wotchulidwa mwamphamvu, monga el agua ndi el aula. Mawu ena onse amakhalabe achikazi: timati el acta adjunta, pochulukitsa timati las actas, ndipo “ndipempheni” amakhala pídamela, osati pídamelo. Musadalirenso mathero a o ndi a okha, chifukwa problema, día ndi mapa ndi achimuna pamene mano ndi lachikazi, ndipo mtanthauziramawu uja amasonyeza zimenezi ndi m. kapena f. pambali pa tanthauzo.

Kalata yokonzedwa ikhala motere:

“Estimada doctora:
Me complace invitarla a nuestro taller de enfermería. Conocerá al nuevo jefe de enfermería. Él pasará por usted al aeropuerto. El alojamiento es gratuito y desde el hotel puede tomar el autobús al hospital. Le ruego que firme la carta adjunta y la envíe antes del viernes. Si necesita el acta de la última reunión, pídamela.
Atentamente,”

Chachisanu: kuyesa ngati mwakonzadi

Anthu ambiri amayesa zimene makina amasulira pozibwezeranso ku Chingerezi, ndipo Chingerezicho chikabwera chofanana ndi choyamba amakhutira. Pa zolakwa zitatu zimenezi njira imeneyi ndi yonyenga. Querido doctor ndi Estimada doctora zonse zimabwerera ngati “Dear doctor”, invitarte ndi invitarla zonse ndi “invite you”, libre amabwerera ngati “free”, ndipo minutos ngati “minutes”. Chingerezi chimabisanso kusiyana komwe kuja kumene chinabisa poyamba, moti kalata yolakwika ija ikhoza kupambana mayesowa pafupifupi yonse. Kubwezera kumathandiza pa zinthu zina, monga kuona ngati chiganizo chasowa kapena ngati mawu okana atayika, koma pa ulemu ndi pa chimuna ndi chikazi musakudalire.

Njira yabwino ndi kusintha Chingerezicho kuti chisasiye mpata wolota, kenako n’kumasuliranso ndi kuyerekeza ndi zimene mwakonza. M’malo mwa “free” lembani “free of charge”, m’malo mwa “minutes” lembani “written record of the meeting”, m’malo mwa “ask me” lembani “request it from me”, ndipo sunthani mawu osonyeza kuti munthu ndi mwamuna kapena mkazi kuti akhale m’chiganizo chomwecho chimene muli udindo wake. Ngati makina tsopano atulutsa gratuito ndi acta, ndiye kuti munakonza molondola. Ngati mumatumiza makalata ofanana kawirikawiri, sungani Chingerezi chokonzedwacho kuti ulendo wina muyambire pomwepo.

Malire a njira yonseyi ayenera kunenedwa momveka. Imakwanira pa kalata yoitanira munthu, uthenga wa malonda kapena chidziwitso cha msonkhano, koma siikwanira pa pangano la zamalamulo, pa ziwerengero za ndalama kapena pa malangizo a mankhwala. Mawu a Chingerezi oti “billion” ndi mil millones m’Chisipanishi, pamene billón ndi ochuluka kuwirikiza 1,000 kuposa pamenepo. Mawu oti “once” akasiyidwa osamasulira papepala la mankhwala, wowerenga Chisipanishi amaona nambala 11, chifukwa ndi mmene nambalayo imalembedwera m’chinenero chake. Zolemba zoterezi muzikonze monga tafotokozera, kenako muzipereke kwa womasulira wodziwa ntchitoyo, makamaka wochokera kudziko limene zikupita, ndipo mumupatse Chingerezi choyambirira pamodzi ndi pepala lija la anthu otchulidwa, dziko ndi ubale wawo, kuti nayenso asachite kulota.